Chogwirira chazungulira kamodzi, kauntala yawerenga katatu

Aliyense amene anakulungapo koyilo ya thiransifoma kapena ya mota pamanja amadziwa kuti ntchito yolemetsa si kupukusa chogwirira ayi, koma kusunga nambala m'mutu. Wafika pa 412, wina walowa kudzafunsa mtengo, ukamabwerera sukudziwanso ngati unali pa 412 kapena pa 421. N'chifukwa chake amisiri ambiri amaganiza zomangirira kauntala ya magetsi pa makina awo. Pa shafuti amawotchererapo kachitsulo kotukuka, pambali pake amaikapo swichi, ndiye shafuti ikazungulira kamodzi kachitsulo kaja kamadina swichi kamodzi, nambala n'kukwera. Nzeru yake ndi yabwino ndithu. Koma tsiku loyamba kuyesa, chogwirira chikazungulira kamodzi, manambala amalumpha kuchoka pa 0 kufika pa 3, kenako pa 4, kenako pa 9. Apa ambiri amayamba kunyoza tchipi kuti ndi yabodza, n'kukagula ina, imenenso imachita chimodzimodzi.

Tchipi ilibe mlandu. Ikuwerenga molondola zimene swichi ikuitumizira, kungoti swichiyo ikutumiza zambiri kuposa zimene chala kapena diso likudziwa.

Mukatsegula maikuloswichi, ngati aja a pa chitseko cha uvuni wa maikulowevu kapena a m'kati mwa mausi ya kompyuta, mupeza kachitsulo kopyapyala kokhala ndi sipuling'i, kamene kamalumpha kuchoka pa malo amodzi kukamenya pa ena. Kachitsuloka kali ndi kulemera kwake, kali ndi liwiro, ndipo kakumenya pa chitsulo chinzake cholimba. Sikaima pomwepo. Kamanjanja ngati mpira woponyedwa pa simenti: kamagunda, kubwerera m'mbuyo pang'ono, kugundanso, kubwereranso pang'ono kwambiri, mpaka kukhazikika. Zonsezi pa maswichi ambiri zimatha m'mamilisekondi ochepa, kawirikawiri osafika 10, ndipo milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Babu la m'nyumba silidziwa n'komwe kuti zimenezi zikuchitika, mota nayonso ilibe nazo ntchito. N'chifukwa chake munthu akhoza kugwira ntchito ya magetsi zaka zambiri osakumanapo ndi vutoli.

Kauntala ndiye nkhani ina. Titenge CD4026, tchipi imene ambiri amaikonda chifukwa imawerenga kuyambira 0 mpaka 9 n'kuyatsanso yokha manambala pa kagalasi ka timizere 7, ndipo pa nambala zazikulu amalumikiza zingapo motsatizana. Pini yake yoyamba ndiyo imalandira zowerengedwa. Siiyang'ana kuti swichi yakhala yodinidwa kwa nthawi yaitali bwanji. Chimene imadikira ndi chimodzi: voteji ikakwera kuchoka pansi kupita pamwamba, kuchoka pa 0 kufika pa 1, imawonjezera nambala imodzi. Ndipo ngakhale pa 5 V, pamene matchipi a banja limeneli amakhala aulesi, imatha kuwerenga kukwera kotereku kopitirira miliyoni imodzi pa sekondi. Kwa tchipi yotere, kampata ka theka la milisekondi kamene kachitsulo kali m'malere ndi nthawi yaitali zedi. Kugunda kulikonse ndi kudina kwathunthu.

Tiyerekeze kuti mwalumikiza mwachidule, mmene aliyense amayambira: swichi pakati pa 5 V ndi pini 1, ndi rezisita ya 10k yochoka pa piniyo kupita ku GND, mbali ya 0 V, kuti izikokera voteji pansi swichi ikatseguka. Shafuti yadina. Kachitsulo kagunda, nambala yakwera ndi 1. Kanjanja, rezisita yagwetsa voteji. Kagundanso, 2. Kanjanjanso pang'ono, kakhazikika, 3. Shafuti ikupitirira, swichi ikumasuka, ndipo apa pali chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Pomasuka, zitsulo sizilekana mwaukhondo nthawi zonse. Mphamvu yozipanikiza ikamachepa zimatha kulekana, kukhudzananso, kenako kulekana kwenikweni. Kukhudzananso kuja ndi kukweranso kwa voteji, ndiye 4. Kuzungulira kotsatira kukhoza kupereka 1 yekha, kotsatira 5. Palibe nambala yoti mungagawe nayo kuti mupeze yoona.

Ine kauntala yolumphalumpha chonchi sindiiopa kwambiri, chifukwa imadziulula yokha. Yoopsa ndi ija ya swichi yatsopano, yabwino, imene imawonjezera kamodzikamodzi moti mmisiri amaikhulupirira. Tiwerenge. Nambala ya kuzungulira kwa koyilo ya thiransifoma, N, imachokera apa:

```
N = V / (4.44 * f * B * A)
N = 230 / (4.44 * 50 * 1.2 * 0.001) = 863
```

Apa magetsi ndi athu a 230 V pa 50 Hz, chitsulo cha pakati ndi cha masikweya sentimita 10, ndipo tasankha kuti maginito m'chitsulomo afike pa matesla 1.2, kapena kuti 1.2 T, mulingo umene malata wamba a thiransifoma amaulandira bwino. Koyilo ikufunika kuzungulira ka 863. Ngati kauntala ikuwerenga nambala imodzi yowonjezera pa kuzungulira kasanu kalikonse, idzaonetsa 863 waya atangozungulira pafupifupi ka 720. Mmisiri adula waya, apaka vanishi, atseka. Maginito m'chitsulo tsopano ali pa 1.44 T, ndipo tsiku limene magetsi akwera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi akuyandikira 1.6 T, pamene chitsulo chayamba kukhuta. Thiransifoma yotere imalira, imatentha ngakhale isanalumikizidwe ku china chilichonse, ndipo mwini wake akabwera nayo yopsa, mlandu umagwera waya kapena magetsi. Palibe amene amakumbuka kaswichi kaja.

Kodi mungadziwe bwanji kuti vuto ndi kunjanja? Mita ya manambala sikuthandizani, chifukwa imayeza kangapo kokha pa sekondi, ndipo kababu ka LED kakathima kwa theka la milisekondi diso siliona. Osilosikopu yosunga chithunzi imaonetsa zonse poyera, koma ndi ochepa ali nayo. Chida chabwino muli nacho kale, ndi kauntala yomweyo. Bwezani pa 0, pukusani pang'onopang'ono ka 50 mukuwerenga ndi pakamwa, lembani zimene yaonetsa, bwerezani. Ngati manambala akupitirira 50 ndipo akusiyana ulendo uliwonse, ndi kunjanja. Dinaninso swichi ndi chala osaisiya, muone nambala, kenako musiye. Ikakwera pamene mukusiya, ndi kunjanja kwa pomasuka. Koma nambala ikakwera swichi isanakhudzidwe n'komwe, mwina pamene wina wayatsa galainda kapena makina owotcherera, limenelo ndi phokoso la magetsi, matenda ena amene ndiwatchula kutsogoloku.

Mankhwala amene ndimawakonda ndi lachi, dera losunga zimene lamva komaliza, yopangidwa ndi mageti awiri a NAND, ndipo chinsinsi chake chagona pa mwendo wachitatu wa swichi. Maikuloswichi ambiri ali ndi miyendo itatu yolembedwa COM, NC ndi NO. COM ndi kachitsulo koyenda kaja. Swichi ikapuma kamakhala katatsamira pa NC, ikadinidwa kamalumphira pa NO. Tsopano taganizirani izi bwinobwino, chifukwa zonse zaima pamenepa: kachitsulo kakamenya pa NO n'kunjanja, kamabwerera m'mbuyo pang'ono chabe. Sikabwerera mtunda wonse mpaka kukakhudzanso NC. Choncho swichi ya miyendo itatu ikutiuza zinthu zitatu, osati ziwiri. Ikhoza kunena kuti ndili pa NC, ndili pa NO, kapena ndili m'malere. Ya miyendo iwiri siitha kusiyanitsa kunjanja ndi kumasuka kwenikweni, zonse kwa iyo n'kutseguka basi. Ya miyendo itatu imasiyanitsa. Chimene tikufuna ndi dera la magetsi lomvera mawu awiri oyambawo, ndipo likamva kuti kachitsulo kali m'malere lizingosunga zimene linamva komaliza. Lachi imachita zimenezo ndendende.

Geti ya NAND ili ndi lamulo limodzi losavuta kukumbuka. Polowera pamodzi pokha pakakhala 0, potulukira pamakhala 1, zivute zitani. Potulukira pamatsika kukhala 0 pokhapokha polowera ponse pawiri pali 1. Tchipi ya 74HC00 ili ndi mageti anayi otere, ife tikufuna awiri. Mawaya ake ndi awa:

```
COM   -> GND
NO    -> 74HC00 pini 1, ndi 10k kupita ku 5 V
NC    -> 74HC00 pini 5, ndi 10k kupita ku 5 V
pini 3 -> pini 4, ndi CD4026 pini 1
pini 6 -> pini 2
pini 14 -> 5 V
pini 7  -> GND
```

Geti yoyamba imalowa pa 1 ndi 2, kutuluka pa 3. Yachiwiri imalowa pa 4 ndi 5, kutuluka pa 6. Iliyonse ikudyetsa inzake. Onaninso kuti swichi tsopano siikupereka 5 V ayi, ikungogwetsera mwendo umodzi kapena unzake ku GND, pamene marezisita awiri aja akukokera m'mwamba mwendo uliwonse umene wasiyidwa.

Tiyende nayo pang'onopang'ono. Swichi ili chipumire, COM ili pa NC, ndiye pini 5 ili pa 0. Mwa lamulo lija pini 6 iyenera kukhala 1, ndipo 1 ameneyu wafika pa pini 2. Pini 1 nayo ili pa 1 chifukwa cha rezisita yake. Geti yoyamba ikuona 1 ndi 1, ndiye pini 3 ili pa 0. Kauntala ili duu.

Shafuti yayamba kudina, kachitsulo kachoka pa NC. Pini 5 yakwera kukhala 1. Kodi chasintha n'chiyani? Palibe. Pini 4 ikadali pa 0, poti ikudya kuchokera ku pini 3, ndipo 0 mmodziyo akukwana kusunga pini 6 pa 1. Kachitsulo kakhoza kukhudzakhudza NC kakamachoka, pini 5 n'kumakwera ndi kutsika, koma geti yachiwiri yagwidwa kale ndi mwendo wake wina. Kunjanja kwa pochoka kwathera pomwepo.

Kachitsulo kauluka, kafika pa NO koyamba. Pini 1 yagwa pa 0, pini 3 yakwera pa 1, kauntala yawonjezera nambala imodzi. Nthawi yomweyo 1 uja wafika pa pini 4, wapeza pini 5 ili kale pa 1, ndiye pini 6 yagwa pa 0, ndipo 0 ameneyo wabwerera ku pini 2. Ulendo wozungulirawu umatenga mananosekondi makumi ochepa, pamene kachitsulo kamafuna nthawi yochuluka maulendo mazanamazana kuti kangoyamba kubwerera. Pamene kakunjanja koyamba n'kusiya pini 1 kukwera, geti yoyamba siikudaliranso pini 1. Yagwidwa ndi 0 wa pa pini 2. Kagunde kawiri, kagunde ka 20, pini 3 ili pa 1 osasuntha. Idzatsika pokhapokha kachitsulo kadzabwerera mpaka kukhudza NC, ndipo kumeneko nkhani ndi yomweyi mozondoka: kukhudza koyamba kumatembenuza lachi, kotsatira kulibe mawu.

Chimene chimandisangalatsa pa derali n'chakuti mulibe kudikira. Njira zina zonse zodziwika zimadalira kuti munthu alingalire kuti swichi yake imanjanja kwa nthawi yaitali bwanji, n'kuuza dera kuti litseke maso kwa nthawi imeneyo. Rezisita ya 10k ndi kapasita ya 1 µF zimapereka pafupifupi mamilisekondi 10, ndipo pambuyo pake pamafunika geti ngati ya 74HC14 yowongola voteji yokwera mwaulesiyo, apo ayi makauntala ena othamanga amawerenga kangapo pa kukwera kumodzi. Njirayi imagwira ntchito, sindikuinyoza. Koma swichi ikakalamba n'kuyamba kunjanja nthawi yaitali, mulingo munasankha uja sukwananso. Mukaukulitsa, vuto limatembenuka. Tsiku limene mwamangirira dirilo ku shafuti kuti izizungulira ka 600 pa mphindi, kuzungulira kulikonse ndi mamilisekondi 100, ndipo ngati kachitsulo kotukuka kakudina kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a ulendowo, swichi ikutsekeka kwa mamilisekondi 10 okha. Kapasita isanadzaze, swichi yamasuka kale, ndiye kauntala ikuyamba kudumpha ena osawerenga. Lachi ilibe nambala yoti musankhe. Imayankha pa kukhudza koyamba, kaya kunjanja kutenge milisekondi imodzi kaya 50.

Pali amisiri amene amawotcherera mawaya awiri pa batani la = la kakyuleta yotchipa, n'kulemba 1 + 1 kapena zofanana nazo kuti kudina kulikonse kuziwonjezera. Zimayenda chifukwa kakyuleta ili kale ndi kudikira kwake m'kati, ndipo pa chifukwa chomwechonso imayamba kuphonya mukapukusa mwachangu.

Tsopano malo amene lachi imakanika, chifukwa alipo. Choyamba ndi swichi yolakwika. Timabatani tating'ono ta miyendo inayi tija timanamiza anthu. Miyendo yake ndi yolumikizana iwiriiwiri m'kati, ndiye ndi swichi ya miyendo iwiri basi, ilibe NC. Pamenepo bwererani ku kapasita. Palinso maswichi ena, makamaka otsetsereka ndi ozungulira, amene amakhudza mbali yatsopano asanasiye yakale. Pa swichi yotere pini 5 imakhalabe pa 0 pamene pini 1 ikunjanja, pini 6 imakakamizidwa kukhala pa 1, geti yoyamba ilibe choigwira, ndipo kunjanja konse kumadutsa kukafika ku kauntala ngati lachi palibe. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani mita yolira pakati pa NO ndi NC, dinani pang'onopang'ono. Isalire paliponse.

Chachiwiri ndi matchipi ofanana nkhope. Amene akufuna kuyendetsa zonse pa batire la 9 V kuti manambala awale bwino sangagwiritse 74HC00, poti imalekera pa 6 V. M'malo mwake pali CD4011, imenenso ili ndi mageti anayi a NAND ndi miyendo 14. Koma geti yake yachiwiri imalowa pa 5 ndi 6 n'kutuluka pa 4. Mukangoizika pamalo pa inzake osasintha mawaya, lachi siipangika, ndipo potulukira pawiri, 3 ndi 4, mwapamanga pamodzi kuti pazilimbana. Pa tchipi iliyonse mwa ziwirizi, polowera pa mageti awiri otsalawo pasasiyidwe lende. Pamangireni ku GND. Pa CD4026 napo, pini 2 ndi pini 15 zikhale pansi, pini 3 pamwamba. Pini 15 ndi yobwezera pa 0, ndipo ikasiyidwa yosamangirira, kauntala imadzifufuta yokha dzanja likangoyandikira. Ikokereni pansi ndi rezisita ngati mukufuna kuikapo batani lobwezera. Batani limenelo silifuna lachi: kubweza pa 0 kasanu n'chimodzimodzi kubweza kamodzi.

Chachitatu ndi phokoso lija. Anthu amaganiza kuti lachi imateteza ku chilichonse, koma yang'anani swichi ikapuma. Pini 5 yagwidwa mwamphamvu pa GND, pamene pini 1 yangolendewera pa rezisita ya 10k, ndipo kwa iyo kwamangiriridwa waya wautali wopita ku makina. Mota ikayaka pafupi, wayayo akhoza kutola kamphamvu kogwetsa pini 1 kwa kanthawi. Pini 3 idzakwera, idzatsikanso, ndipo kauntala idzawerenga. Kuchiza kwake ndi kwa manja: tchipi ikhale pafupi ndi swichi, mawaya atatuwo apotedwe pamodzi ndipo asayende limodzi ndi a mota, marezisita atsike kufika pa 2.2k kapena 1k, ndipo tchipi iliyonse ikhale ndi kapasita ya 100 nF pakati pa miyendo yake ya magetsi, pafupi penipeni. Kutsitsa marezisita kuli ndi phindu linanso. Pa 10k mu swichi mumadutsa 0.5 mA yokha, pamene maikuloswichi ochotsedwa mu uvuni anapangidwira maampeya ambiri, ndipo zitsulo zake za siliva zikachita litsiro, kamphamvu kochepa chonchi kamavutika kudutsa. Pa 1k ndi 5 mA, zimene zimathandiza ndithu.

Chotsala si cha magetsi. Lachi imakhulupirira swichi. Ngati kachitsulo ka pa shafuti kanawotcheredwa mwachisawawa kakhala ndi nsonga ziwiri, swichi idzadinidwa kawiri kwenikweni, kuchoka pa NC kufika pa NO n'kubwerera, ndipo kauntala idzawerenga 2 moona mtima. Chizindikiro chake n'chakuti nambala yowonjezera imakhala yomweyomweyo ulendo uliwonse, ndipo khutu limamva kulira kwa swichi kawiri. Mankhwala ake ndi fayilo yopalira chitsulo. Komanso waya akakwerana n'kufuna kubweza chogwirira m'mbuyo kuti mumasule, swichi imodzi siidziwa kumene shafuti ikulowera, ndiye nambala imakwerabe pamene koyilo ikuchepa. Mukabweza katatu n'kukulunganso katatu, kauntala yapitirira ndi 6. Kuti dera lidziwe lokha pamafunika maswichi awiri otalikirana pang'ono ndi kauntala yotha kutsika, ndipo CD4026 siitsika. Pa makina a pamanja, ine ndimangoika swichi yaing'ono yokweza pini 2 ku 5 V, piniyo itakokedwa pansi ndi rezisita ngati pini 15 ija, yoletsa kuwerenga pamene ndikumasula waya ndi kumukulunganso, n'kuibwezera pansi chogwirira chili pamalo pamene maikuloswichi ndi yomasuka.